Phunziro: Kulembera wokonza positala uthenga woti asinthe deti yokha

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, wophunzira athe kulemba uthenga umodzi womveka bwino, woti wokonza positala akauwerenga asinthe deti ya chochitika popanda kufunsanso mafunso komanso popanda kukhudza china chilichonse. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chitsanzo chathu

Kwaya ya pampingo wina inakonza phwando la nyimbo lopezera ndalama zogulira zida zoimbira. Positala inakonzedwa kale, komiti inaivomereza, ndipo ikunena kuti phwandolo lidzachitika Loweruka, 28 Malichi 2026. Kenako zadziwika kuti holo ili ndi ukwati tsiku lomwelo, choncho komiti yasuntha phwandolo kufika Lolemba, 6 Epulo 2026, tsiku latchuthi lotsatira Lamulungu la Pasaka. Mlembi wa kwaya ndi amene wapatsidwa ntchito yodziwitsa mnyamata amene anakonza positalayo.

Uthenga umene ambiri amatumiza pa nthawi ngati imeneyi ndi wotere: "Achimwene, tasintha deti, ikani 6/4." Uthengawu ndi waufupi, koma wasiya mafunso anayi osayankhidwa. Sunanene positala yake, pomwe wokonzayo angakhale ndi ntchito za anthu ambiri sabata yomweyo. Sunanene ngati Loweruka lija likhalebe. Sunanene ngati 6/4 ndi 6 Epulo kapena 4 Juni. Sunanenenso kuti zina zonse zisakhudzidwe. Tiyeni tione mipata imeneyi umodziumodzi.

Gawo loyamba: tsimikizani deti musanalembe

Deti ya pa positala imakhala ndi zinthu zinayi: dzina la tsiku, nambala ya tsiku, mwezi ndi chaka. M'chitsanzo chathu zitatu zasintha, chaka chokha ndi chimene chatsala. Cholakwa chofala kwambiri ndi kusintha nambala n'kuiwala dzina la tsiku, positala n'kutuluka ikunena kuti "Loweruka, 6 Epulo 2026". Tsiku lotere kulibe pa kalendala. Owerenga ena adzatsata Loweruka, ena adzatsata 6 Epulo, ndipo kwaya idzaimbira mipando.

Choncho tsegulani kalendala ya pafoni, muone ndi maso anu kuti 6 Epulo 2026 ndi Lolemba. Imeneyi ndi ntchito yanu, si ya wokonza positala. Iye amalemba zimene mwamupatsa.

Mwezi ulembeni ndi mawu, osati ndi nambala. Kuno kwathu tinazolowera kuyamba ndi tsiku kenako mwezi, koma ku Amereka amayamba ndi mwezi, ndipo mapulogalamu ena a pakompyuta amatsata kalembedwe ka kumeneko. Munthu wowerenga 6/4/2026 mwa njira imeneyo adzamva kuti ndi 4 Juni, lomwe ndi Lachinayi. Mukalemba "Lolemba, 6 Epulo 2026", palibe angasokonezeke.

Gawo lachiwiri: fufuzani paliponse pamene pali deti

Anthu ambiri amangoyang'ana deti yaikulu ya pakati. Werengani positala yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale timalemba tating'ono ta m'mphepete. Pa positala ya kwaya yathu, deti ili malo awiri: pakati m'zilembo zikuluzikulu, ndi pansi pamzere wonena kuti "Matikiti otsika mtengo atha Lachisanu, 27 Malichi".

Mzere wachiwiriwu ndi umene umavuta. Kodi usinthe kapena ukhale momwemo? Wokonza positala sangadziwe, chifukwa chimenechi ndi chigamulo cha komiti. Akausiya, anthu adzaganiza kuti matikiti otchipa anatha masiku khumi phwando lisanafike. Akausintha mongoganizira, wakupangirani lonjezo limene simunapange. Funsani komiti musanalembe uthenga. M'chitsanzo chathu komiti yagwirizana kuti matikiti otsika mtengo athe Loweruka, 4 Epulo.

Yang'ananinso mawu amene amadalira deti ngakhale alibe nambala, monga "kumapeto kwa mwezi uno" kapena "Loweruka likudzali". Ngati pali kachizindikiro ka QR kotsegula fomu yolembetsera, kumbukirani kuti deti ya m'fomumo ili kunja kwa positala, ndipo woisintha ndi mwini fomuyo.

Gawo lachitatu: lembani zakale ndi zatsopano moyandikana

Njira yosasokoneza ndi kulemba mawu amene alipo panopa, kenako mawu amene alowe m'malo mwake, ndendende monga mukufuna aoneke. Mukatero wokonzayo amangokopera mawu anu n'kuwaika pamalo pake, osalembanso ndi dzanja lake. N'chifukwa chake uthenga wa mawu ojambulidwa si woyenera pa ntchito imeneyi. Mawu olankhula sakopereka, ndipo nambala zotchulidwa mofulumira pafoni yaphokoso zimamveka mosiyanasiyana. Ngati mwakambirana pakamwa kapena mwaimbirana, tsatizani ndi uthenga wolemba.

Tumizaninso positala imene komiti inavomereza, mutazunguliza malo a deti ndi cholembera cha pafoni. Wokonza positala amakhala ndi mafayilo angapo a ntchito imodzi, ena a poyamba pamene nambala ya foni inali yolakwika kapena dzina la mlendo wolemekezeka linali lisanakonzedwe. Akatsegula fayilo yakale n'kusintha deti, zolakwa zimene munakonza kale zimabwereranso.

Gawo lachinayi: ikani malire

Nenani poyera kuti zina zonse zikhale momwe zilili, ndipo muzitchule: mitundu, zithunzi, kaonekedwe ka zilembo, nthawi, malo ndi mtengo wa tikiti. Chifukwa chake n'chakuti munthu waluso akatsegulanso ntchito yake amaona pamene angakongoletse, ndipo akhoza kusuntha chithunzi kapena kusintha mtundu pofuna kukuthandizani. Koma chimene komiti inavomereza ndi positala yoyamba ija.

Malirewa akugwiranso inu. Musalembe kuti "deti yokha" kenako n'kuwonjezera kuti "komanso chithunzi cha wapampando chikule pang'ono". Imeneyo ndi ntchito ina, ndipo wokonzayo ali ndi ufulu wolipiritsa padera. Ngakhale kuika mawu oti "Deti yasintha" pakona ndi kuwonjezera chinthu chatsopano. Ngati positala yakale inafalikira kale m'magulu a WhatsApp, mawu amenewa ndi othandiza, chifukwa munthu woona mapositala awiri ofanana sangadziwe yolondola. Mukawafuna, apempheni mwachindunji ngati chinthu chachiwiri.

Pali kusintha kumodzi kumene muyenera kulola. "Lolemba, 6 Epulo" ndi mawu aafupi kuposa "Loweruka, 28 Malichi", choncho adzasiya mpata. Muloleni wokonzayo awaike pakati bwinobwino, koma asasinthe kukula kwa zilembo popanda kukuuzani. Deti yatsopano ikakhala yaitali kuposa yakale, vuto limatembenuka: mawu sakwana pamzere, ndipo ndi bwino akufunseni asanachepetse zilembo.

Gawo lachisanu: nenani mafayilo amene mukufuna

Positala imodzi imatuluka m'maonekedwe angapo. Kwaya yathu inalandira PDF ya saizi ya A3 yokasindikiza, ndi JPG yoika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Zonse ziwiri ziyenera kusintha, apo ayi ya pakhoma ndi ya pafoni zidzanena zosiyana. Pemphani kuti azitumize pa WhatsApp ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo pochisindikiza timalemba tating'ono timaoneka mwachimbuuzi.

Dziwaninso chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yophweka kapena yovuta. Wokonzayo akakhala ndi fayilo yoyambirira ya mu Photoshop, CorelDRAW kapena Canva, mawu amakhala paokha ndipo chithunzi chimakhala pachokha, choncho kusintha deti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma JPG ili ngati nsima yophika kale: ufa ndi madzi sizingalekanitsidwenso. Kuti asinthe deti pa JPG, ayenera kufufuta yakale, kukonza malo ofufutidwawo kuti afanane ndi ozungulira, n'kufunafuna zilembo zofanana ndi zoyamba. Ngati mukupita kwa munthu wina amene sanakonze positalayo, muuzeni poyambirira kuti muli ndi JPG yokha, ndipo muyembekezere mtengo ndi nthawi zokulirapo.

Uthenga wathunthu

"Mwaswera bwanji achimwene? Ndine mlembi wa kwaya ija munatikonzera positala ya phwando la nyimbo. Phwandoli lasunthidwa, ndiye tikupempha mutisinthireko deti yokha pa positala imene ndatumizayi. Malo ake ndi awiri, ndawazunguliza.

1. Pakati, pamene palembedwa: Loweruka, 28 Malichi 2026
Pakhale: Lolemba, 6 Epulo 2026

2. Pansi, pamene palembedwa: Matikiti otsika mtengo atha Lachisanu, 27 Malichi
Pakhale: Matikiti otsika mtengo atha Loweruka, 4 Epulo

Zina zonse zikhale momwe zilili: mitundu, zithunzi, zilembo, nthawi, malo ndi mitengo. Ngati mawu atsopanowa sakukhala bwino pamalo pake, mundiuze musanasinthe kukula kwake. Tikufuna PDF ya A3 yokasindikiza ndi JPG ya pafoni, zonse ngati Document, pofika Lachitatu masana chifukwa osindikiza akuyamba Lachinayi m'mawa. Ngati pali zolipira, mundiuze lero kuti ndidziwitse msungichuma. Zikomo kwambiri."

Onani kuti uthengawu wanena nthawi yeniyeni ndi chifukwa chake, m'malo mongoti "mwachangu". Wafunsanso za malipiro ntchito isanayambe. Ena sasintha deti mwaulere, makamaka pamene kusinthako kwachokera kwa inu osati pa cholakwa chawo.

Gawo lomaliza: yang'anani zimene zabwera

Musatumize positala yatsopano kwa anthu musanaione bwino. Ikani yakale ndi yatsopano pambalimbali. Yambani ndi malo awiri aja, muwerenge chilembo ndi chilembo, kenako muyang'ane nambala za foni, nthawi ndi mtengo ngati zili monga kale. Zilembo za deti zikaoneka zosiyana ndi mizere ina, kapena pozungulira pake pakaoneka chigamba cha mtundu wina, dziwani kuti ntchitoyo yachitikira pa JPG kapena zilembo zoyamba sizinapezeke. Tsegulani PDF payokha ndi JPG payokha, chifukwa imodzi ikhoza kukonzedwa ina n'kuiwalika. Mukakhutira, sungani fayilo yatsopano ndi dzina losonyeza deti, monga `kwaya_positala_6Epulo2026.pdf`, ndipo muchotse yakale pamalo amene mumatengapo zotumiza kwa osindikiza.

Ntchito ya m'kalasi

Positala ya tsiku la masewero pasukulu ikunena kuti "Lachisanu, 15 Meyi 2026", ndipo pansi pake pali mzere wakuti "Kulembetsa kutha pa 13 Meyi". Masewerowa asunthidwa kufika pa 23 Meyi. Pezani dzina la tsiku latsopano pa kalendala. Lembani funso limodzi limene muyenera kufunsa mphunzitsi wamkulu musanalembe uthenga. Kenako lembani uthengawo, musinthane ndi mnzanu, iye awerenge ngati wokonza positala ndipo alembe funso lililonse limene akanafunsa. Funso lililonse lotero likusonyeza mzere umene muyenera kuwonjezera.