Sheya ya K100 yagulidwa pa K150: nanga K50 ija tiilemba pati?

Tiyerekeze kuti kampani ina yopanga mafuta ophikira ikufuna ndalama zogulira makina. Yatulutsa masheya 10,000, ndipo mtengo wolembedwa pa sheya iliyonse ndi K100. Koma poti bizinesi ikuyenda bwino, anthu avomera kugula sheya imodzi pa K150. Ndalama zonse zalowa ku banki. Ndiye tilemba bwanji m'mabuku?

Poyamba tiigawe K150 ija pawiri. K100 ndi mtengo wolembedwa, ndipo imapita ku akaunti ya mpamba wa masheya, ija m'kalasi timati sheya kapito. K50 yapamwambayo ndi pulimiyamu, ndipo ili ndi akaunti yakeyake, ya sheya pulimiyamu.

Tsopano tiwerengere:

Zolowa ku banki: 10,000 × K150 = K1,500,000
Mpamba wa masheya: 10,000 × K100 = K1,000,000
Pulimiyamu: 10,000 × K50 = K500,000

Banki yalandira, choncho tiilemba ku debiti K1,500,000. Ku kirediti tilemba kawiri: K1,000,000 ku mpamba wa masheya, K500,000 ku pulimiyamu. Mukaphatikiza ziwirizi zikufanana ndi debiti ija. Pa balansi shiti zonse zimakhala m'gawo la chuma cha eni kampani, koma chilichonse pa mzere wake.

Mwina mukuti, "Ndalama si imodzimodzi, kuvutikiranji kulekanitsa?" Taonani izi. Kampani italengeza kuti ipatsa eni masheya dividendi ya 10% ya mtengo wolembedwa, iyenera kulipira K100,000. Koma wolemba mabuku ataponya K1,500,000 yonse ku mpamba wa masheya, n'kuwerengera pamenepo, apeza K150,000. Kampani yalipira K50,000 yosayenera.

Vuto lake n'loti cholakwika chimenechi tirayo balansi singachigwire, chifukwa debiti ndi kirediti zikufananabe. Njira yochigwirira ndi iyi: gawani mpamba wa masheya ndi chiwerengero cha masheya. Yankho liyenera kukhala mtengo wolembedwa. K1,500,000 ÷ 10,000 ikupereka K150 m'malo mwa K100, ndiye dziwani kuti pulimiyamu yasochera.

Ena amalemba K500,000 ija ngati phindu. Ayi ndithu. Phindu limabwera kampani ikagulitsa mafuta, pomwe ndalama iyi aika ndi eni ake. N'chifukwa chake siigawidwa ngati dividendi wamba. Mwachitsanzo, lamulo la makampani la ku Britain la 2006 limalola kuigwiritsa ntchito pa zinthu zochepa, monga kulipira zimene zawonongedwa potulutsa masheya omwewo, kapena kupereka masheya a bonasi kwa eni.

Kumbukiraninso kuti pulimiyamu imalembedwa pokhapokha kampani ikutulutsa masheya atsopano. Mwini sheya akaigulitsa kwa mnzake pa K200, ndalamayo ndi yake, m'mabuku a kampani simusintha chiwerengero chilichonse.

Yesani iyi: masheya 4,000 a K50 agulidwa pa K80 imodzi. Ku pulimiyamu mupeze K120,000. Nanga ku banki ndi ku mpamba wa masheya mulemba zingati?