Kodi mbewu yamera monga alembera pa thumba? Kuyesa ndi kai-sikweya

Pa thumba la mbewu ya chimanga pamalembedwa kameredwe kake, mwachitsanzo njere 90 pa 100 zilizonse. Mukayesa n'kumera 86, simunganene kuti mwaberedwa, chifukwa njere zotapa m'thumba limodzi sizimera mofanana nthawi zonse. Nanga zikamera 82? Masamu otchedwa kai-sikweya, amene Karl Pearson anawatulutsa mu 1900, amatithandiza kusiyanitsa kuperewera kongochitika mwangozi ndi kuperewera kwenikweni.

Mvula isanayambe, tapani njere pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, muzisakanize, ndipo muwerenge 100 osasankha zonenepa zokha. Zifeseni pa mchenga wonyowa, muzithirira, ndipo muwerenge zomera pakatha masiku 7.

Tiyerekeze kuti gulu lathu kuno ku Masambanjati lapeza zomera 82 ndi zosamera 18, pamene thumba likulonjeza zomera 90 ndi zosamera 10. Njira yake imalembedwa chonchi, O kukhala zimene tapeza, E zimene timayembekezera:

χ² = Σ (O − E)² / E

Pa zomera, kusiyana kwa 82 ndi 90 ndi 8. Chulukitsani 8 ndi 8 mnzake, mupeza 64, ndipo mukagawa ndi 90 yankho ndi 0.71. Pa zosamera kusiyana ndi 8 yemweyo, koma 64 timugawa ndi 10, zomwe zikutipatsa 6.4. Kuphatikiza ziwirizi tapeza 7.11.

Magulu akakhala awiri chonchi, malire ake ndi 3.84. Mbewu ikakhaladi monga alembera, yankho limapitirira malirewa pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 20 oyesa. Yathu 7.11 yadutsa patali, choncho tili ndi chifukwa chokayikira thumbalo. Zikanamera 86, yankho likanakhala 1.78, ndipo sitikanakhala ndi poimira podandaula. Izi sizitsimikiza kuti cholembedwacho n'choona, zingosonyeza kuti njere 100 sizinachitsutse.

Ambiri amalakwa poyesa njere zochepa. Nambala yoyembekezera m'gulu lililonse isachepere 5. Ndi njere 40, zosamera zoyembekezera ndi 4 basi, ndipo yankho silidalirika. Komanso muwerengere njere zenizeni, osati maperesenti: mukafesa 200, zoyembekezera ndi 180 ndi 20.

Onaninso mbali imene kusiyana kwagwera. Zitamera 98 yankho likhalanso 7.11, koma pamenepo mbewu yaposa lonjezo.

Masamuwa sanena wolakwa. Kwathu kuno kuli chinyontho, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo thumba lokhalitsa pansi m'nyumba limaonongeka ngakhale linachoka ku sitolo lili bwino. Musanapite kwa wogulitsa, yesaninso njere zina 100 za m'thumba losatsegula la nambala yomweyo, ndipo musunge lisiti ndi chikalata cha pa thumba kuti mukaonetse mlangizi.