Kumata munthu pa chithunzi popanda kuonekera: mafunso ndi mayankho a ojambula

Ntchito yomata munthu pa chithunzi chimene sanajambulitse nawo imabwera kawirikawiri m'masitudiyo a pa Boma pa Ntchisi, pa Malomo ngakhalenso ku Mponela. Wina afuna mlongo wake amene ali ku Joni aoneke nawo pa chithunzi cha banja, wina afuna malemu bambo ake akhale pakati pa zidzukulu pa pulogalamu yovundukula chiliza. Kudula munthu ambiri timatha. Chimene chimatigwetsa ndi chakuti womatidwayo amaoneka wosalala ndi wowala ngati wa pa kalendala, pamene anzake onse ali mbuu.

Ndadula bwinobwino, mtundu ndafananitsa, koma akuonekabe kuti ngomata. Chalakwika n'chiyani?

Kokerani chithunzicho pafupi mpaka `300%` muyang'ane khoma kapena malaya akuda. Muona timadontho tosawerengeka ngati mchenga wothiridwa pa galasi. Timchenga timeneti ndi timene pulogalamu imatitcha `Noise`, ndipo pa zithunzi za filimu zakale timatchedwa `Grain`. Kamera iliyonse imasiya take. Foni ikajambula madzulo kapena m'tchalitchi mwa mdima, imadzikakamiza kuona kuwala kochepako, ndiye timchenga timachuluka, makamaka m'malo akuda. Munthu wojambulidwa masana ndi foni yabwino amabwera ndi timchenga tochepa kwambiri. Diso la kasitomala silidziwa dzina la vutoli, koma limaona msanga kuti pamalo pamodzi mchenga wasesedwa, ndipo malo osesedwawo ali ndi mutu ndi mapewa.

Chachiwiri ndi kuthwa. Anthu a pa chithunzi choyamba m'mphepete mwawo ndi mofewa pang'ono, pamene mlendoyo tsitsi lake likuwerengeka limodzilimodzi.

Ndiye ndikonze chiti, chithunzi choyambacho kapena munthu womatayo?

Chithunzi chofookacho ndicho chimalamula. Chakuthwa mungathe kuchifewetsa mmene mufunira, koma chachimbuuzi simungachibwezere zimene kamera sinagwire. Izi zimawawa kwa wojambula, chifukwa mumakhala mukuwononga dala mbali yokongola ya ntchito yanu. Ine zinanditengera nthawi kuti ndivomere, koma njira ndi imeneyi.

Tipatseni chitsanzo, mukuyamba bwanji?

Mayi ena ochokera kumudzi wa kutsinde kwa phiri la Ntchisi anandibweretsera chithunzi cha banja chojambulidwa pakhonde dzuwa litapendeka, tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Chinajambulidwa ndi foni yaing'ono, ndipo chinali chitadutsa kale pa WhatsApp, kotero chinafika chili mapikiselo 1600 m'litali ndi 1200 m'lifupi. Mwana wawo wachisamba, amene anali ku Joni, anatumiza chake cha mapikiselo 4000 ndi 3000, chojambulidwa panja masana atavala jekete yakuda ndi shati yoyera. Mayiwo anati, "Achimwene, mumuimike apa pambali pa malume ake, ndikachikoleke pabalaza."

Choyamba ndi msinkhu. Mutu wa malumewo unali mapikiselo pafupifupi 120 kuchokera pachibwano kufika pamwamba, pamene wa mnyamatayo unali pafupifupi 900. Ndinasandutsa leya yake kukhala `Smart Object`, kenako ndi `Ctrl+T` ndinamuchepetsa kufika pa `13%`. Apa pali msampha: kuchepetsa chithunzi chotere kumafafaniza timchenga tochepa timene anali nato, ndipo kumamuthwetsanso. Ndiye chifukwa chake kukula kumayamba, kufewetsa kumatsatira, timchenga timabwera pomaliza. Mukayamba ndi timchenga, kufewetsa kudzatisungunula, ndipo mukachepetsa pambuyo pake tidzasanduka fumbi losaoneka.

Ndidziwa bwanji kuti ndifewetse motani? Kapena n'zongoyerekeza?

Ayi, zimawerengeka. Pa chithunzi choyamba pezani malo amene choyera chakumana ndi chakuda, pa munthu amene waima mzere umodzi ndi mlendo wanu. Ine ndinatenga kolala ya malume aja. Pa `800%` mapikiselo amaoneka ngati njerwa, ndipo ndinawerenga njerwa zinayi kapena zisanu za phulusa pakati pa kuyera kwa kolala ndi kuda kwa jekete. Pa mnyamata wa ku Joni panali njerwa imodzi kapena ziwiri basi. Ndinatsegula `Filter > Blur > Gaussian Blur` n'kumakweza `Radius` pang'onopang'ono, ndipo pa `1.5` njerwa zake zinakwana zinayi.

Muyeze pa munthu wa mzere womwewo chifukwa kuthwa sikufanana ponseponse pa chithunzi. Ana okhala pamphasa kutsogolo akhoza kukhala akuthwa kuposa akuluakulu a kumbuyo, ndipo mitengo ya kuphiri kutaliko imakhala yofewa kuposa onse. Mukaimika munthu kumbuyo koma n'kumupatsa kuthwa kwa ana a kutsogolo, adzaoneka ngati akuuluka.

Masiki amene mwadulira nawonso afewe. Ambiri amafewetsa nkhope ndi malaya koma m'mphepete n'kusiya motemedwa ngati ndi lezala. Dinani pa masikiwo, mu `Properties` muike `Feather` pa pikiselo imodzi kapena imodzi ndi theka, kuti phewa lake lisungunukire m'khoma monga mmene phewa la malume lachitira.

Yang'aniraninso chinthu ichi: mafoni ambiri amathwetsa okha chithunzi, n'kusiya kamzere kowala kozungulira zinthu zakuda. Ngati anthu onse pa chithunzi ali ndi kamzereko, mukatha kufewetsa mupatse mlendo wanu `Unsharp Mask` yochepa kuti nayenso akhale nako.

Nanga timchenga timathiridwa bwanji?

Musathire pa munthu mwachindunji, chifukwa mukalakwitsa kubweza kumavuta. Pangani leya yatsopano pamwamba pake, muidzaze ndi `50% Gray` kudzera pa `Shift+F5`, muisinthe kukhala `Overlay`, kenako `Ctrl+Alt+G` kuti igwire munthu yekhayo. Phulusalo silioneka, chidzaoneka ndi chimene muthirepo. Pa chithunzi cha mayi aja ndinamalizira apa:

```
Add Noise: Amount 10%, Gaussian, Monochromatic
Gaussian Blur: Radius 0.7
```

Kufewetsa kwachiwiriku n'kofunika kwambiri. `Add Noise` imathira timadontho ta pikiselo imodziimodzi, takuthwa ngati mchere. Timchenga ta foni sitikhala choncho. Foni imayesa kutipukuta yokha, WhatsApp n'kudzatifinyanso, ndiye timagwirana m'timibulu tofewa ngati mgaiwa wonyowa. Mukangothira mchere pamene anzake ali ndi mgaiwa, mwangosintha vuto. Choncho muyang'ane zinthu ziwiri padera, kukula kwa timibulu ndi mphamvu yake. Kukula mumakonza ndi `Radius`, mphamvu mumakonza ndi `Opacity`. Dziwani kuti kufewetsa kumachepetsa mphamvu, n'chifukwa chake ndimayamba ndi `Amount` yokwererapo.

Pa khoma la khonde lija panalinso timawanga tofiirira ndi tobiriwira, timene timabwera foni ikajambula mumdima. Ndinapanga leya ina ya phulusa, ndinathira popanda kuchonga `Monochromatic`, ndinafewetsa ndi `Radius` ya `2.5`, n'kutsitsa `Opacity` mpaka timawangato titangotsala pang'ono kuzimirira. Amene ali ndi `Camera Raw Filter` apeza `Grain`, `Size` ndi `Roughness` pamalo amodzi. A GIMP apite ku `Filters > Noise > HSV Noise`, leya ya phulusayo aiike pa `Grain merge`.

Nkhope yakhala bwino, koma jekete yakuda ikadali yosalala. Bwanji?

Ndi khalidwe la `Overlay`. Imagwira kwambiri mitundu yapakatikati, koma chakuda bii ndi choyera mbee imangozilambalala. Pa filimu zimenezi sizivuta kwenikweni, koma pa foni timchenga timachuluka m'malo akuda momwemo. Choyamba onani ngati kuda kwa jeketeyo kukufanana ndi kuda kwa jekete ya malume. Pa chithunzi cha madzulo chakuda sichifika pa bii, chimakhala chotuwirako, choncho mukweze kuda kwa mlendoyo ndi `Levels`. Zikakanikabe, sinthani leya ya timchenga kukhala `Linear Light`, imene imathira mofanana paliponse, mutsitse `Opacity` kwambiri chifukwa ndi yaukali, ndipo pa shati yoyera mufufutepo pang'ono ndi burashi yofewa pa masiki.

Maso atopa. Pali njira yotsimikizira kuti zafanana?

Ilipo, ndipo sindipereka ntchito ndisanaichite. Phatikizani zonse pa leya imodzi yatsopano ndi `Ctrl+Alt+Shift+E`, muikepo `Filter > Other > High Pass` ya `Radius` 2 kapena 3, kenako muikoke mwamphamvu ndi `Levels`. Mitundu imachoka, kumatsala timchenga ndi mizere ya m'mphepete. Nditachita izi koyamba pa chithunzi cha mayi aja, khonde lonse linali ngati bwalo la mchenga, koma pambali pa malume panaima chithunzithunzi cha munthu chosalala ngati dothi lotsutsuta. Nditamaliza kukonza, ndinavutika kupeza pamene mnyamatayo wathera ndi pamene khoma layambira. Leya imeneyi ndi yoyesera chabe, muifufute.

Okonda manambala asankhe kabokosi kakang'ono pa jekete ya malume, pamalo opanda makwinya, aone `Std Dev` mu `Histogram`, kenako achite chimodzimodzi pa jekete ya mlendo. Manambala awiriwo ayandikane. Muonenso mu `Channels` imodziimodzi, chifukwa kawirikawiri `Blue` ndiyo imakhala ndi timchenga tambiri, ndipo womatidwa amaululika kumeneko ngakhale kwina konse kuli bwino.

Bwanji ngati womatidwayo ndiye wachimbuuzi, monga chithunzi chakale cha malemu?

Iyi ndiyo ntchito yovuta, ndipo ndi imene anthu amabwera nayo misozi ili m'maso. Chithunzi chotsukidwa kalekale, chosungidwa m'Baibulo kapena m'sutikesi, mumachijambulanso ndi foni pamthunzi wowala, osayatsa fulashi, foni italunjika bwino. `Reduce Noise` muigwiritse mosamala, chifukwa mukapitiriza nkhope ya agogo imasanduka ya pulasitiki, makwinya amene ana awo amawadziwira n'kuchoka. Pano chotsika ndi chithunzi chatsopanocho: fewetsani zidzukulu zonse kufika pa mlingo wa agogo, kenako muthire timchenga tofanana pa onse. Nthawi zambiri ndimawauza abale kuti chithunzi chonse chikhale chakuda ndi choyera, ndipo ambiri amavomera akaona kusiyana kwake. Ngati nkhope ya malemu ndi yaing'ono kwambiri moti kuti ifanane ndi anzawo iyenera kukulitsidwa katatu kapena kanayi, ndimanena mosabisa kuti siikhala bwino pakati pa gulu, ndipo timaiika payokha m'kabwalo pamwamba pa chithunzi.

Ndamaliza. Ndisunge ndi kutumiza bwanji kuti ntchito isaonongeke?

Pamwamba pa zonse thirani timchenga tochepa kwambiri pa chithunzi chonse, `1%` kapena `2%`, kuti onse akhale pansi pa fumbi limodzi. Sungani `PSD` yanu, ndipo `JPEG` muitulutse kamodzi kokha, chifukwa kusunga mobwerezabwereza kumaonjezera timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8 timene `JPEG` imagawira chithunzi. Potumiza pa WhatsApp kwa wotsuka, musankhe `Document`, apo ayi chifinyidwanso ndipo timchenga timene mwavutikira tidzaphwanyika. Funsaninso kukula kumene kasitomala akufuna musanayambe. Mapikiselo 1600 amakwana bwino pa kakhadi kapena pa pulogalamu ya mwambo, koma pa felemu ya A4 chimbuuzi chimayamba kuoneka. Mayi aja ndinawatsukira cha mainchesi 5 ndi 7, ndipo poyamba ndinayesa kachidutswa ka phewa la mnyamatayo ndi khoma pa pepala lomwelo, chifukwa pepala limameza timchenga kuposa sikirini.