Katundu uyu wachokera kuti, wapangidwa liti? Kabuku ka ogula a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa

Katundu amene timagula pa Jali, pa Govala kapena pa doko la Kachulu amayenda ulendo wautali asanafike m'manja mwathu. Wina amachokera ku mahosesale a ku Limbe ndi Zomba, wina amalowa kuchokera ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti "uyu ndi waorijino wa ku Joni", koma zimene mungadalire ndi zolembedwa pa paketi. Kabuku kano kakuthandizani kuziwerenga.

Ufulu wanu

Lamulo loteteza ogula la 2003 limakupatsani ufulu wodziwa zoona za chinthu chimene mukugula. Bungwe loona miyezo ya katundu la MBS lili ndi muyezo wotchedwa MS 19, umene umafuna kuti chakudya cha m'mapaketi chikhale ndi dzina ndi adiresi ya wopanga kapena woitanitsa, dziko lochokera, nambala ya gulu lopangidwira limodzi, ndi tsiku lothera ntchito. Choncho mukatembenuza botolo pa okala n'kuwerenga musanapereke ndalama, simukunyoza mwini malo.

Kodi bakodi imanena dziko lopangira?

Bakodi ndi timizere takuda tija tokhala ndi manambala 13 pansi pake. Manambala atatu oyamba amasonyeza ofesi ya bungwe la GS1 kumene kampani inalembetsa nambalayo. Amene timakumana nawo kawirikawiri kuno ndi awa:

- 600 ndi 601: South Africa
- 616: Kenya
- 620: Tanzania
- 690 mpaka 699: China
- 890: India
- 560: Portugal

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Manambalawa amangonena kumene nambala inalembetsedwa, ndipo kumeneko kukhoza kusiyana ndi kumene kuli fakitale. Kampani ya ku Blantyre ikhoza kulembetsa ku South Africa, sopo wake n'kukhala ndi 600 koma wopangidwira ku Makata. Kampani ya ku South Africa nayo ikhoza kupangitsa tochi ku China n'kumatapo 600. Zili ngati nambala ya foni: imakuuzani kumene munthu anagula simukhadi, sikuuzani kwawo.

Dziwaninso kuti bakodi ya manambala 13 ilibe tsiku. Mabotolo onse a mafuta a mtundu umodzi ndi kukula kumodzi ali ndi bakodi yofanana, a chaka chatha ndi a dzulo omwe. Bakodi ndi yosavutanso kuikopera, ndiye kupezeka kwake si umboni wakuti katundu ndi weniweni.

Mukafuna dziko, fufuzani mawu akuti Made in kapena Product of. Pa katundu wolembedwa m'Chipwitikizi mupeza Fabricado em kapena Produto de. Chenjerani ndi Packed by ndi Distributed by: amenewa akunena wolongedza ndi wogawa, amene nthawi zina amakhala wina wosiyana ndi wopanga.

Nambala ya gulu: mpamene pali tsiku

Fakitale imapanga katundu m'magulu, monga mayi wa zitumbuwa amakazingira chiwaya chimodzi chimodzi. Gulu lililonse limapatsidwa nambala yake, yodindidwa ndi timadontho ta inki pakhosi pa botolo, pansi pa chitini kapena pamsoko wa paketi. Imayamba ndi Batch, B.No., Lot, L, kapena Lote m'Chipwitikizi. Pafupi pake pamakhala MFD kapena MFG, tsiku lopangira, ndi EXP kapena BB, tsiku lothera. M'Chipwitikizi, Fabrico ndi kupanga, Validade ndi kuthera.

Tiyerekeze kuti botolo la mafuta ophikira ladindidwa chonchi:

```
L24215B 14:32
BB 02/08/25
```

Makampani ambiri amalemba chaka, kenako tsiku la m'chaka kuwerenga kuyambira pa 1 Januwale. Apa 24 ndi 2024, ndipo 215 ndi tsiku la nambala 215. Gawani 215 ndi 30: mupeza 7, n'kutsala 5. Ndiye kuti miyezi isanu ndi iwiri yatha, tili koyambirira kwa Ogasiti. Mukawerenga pa kalendala, ndi pa 2 Ogasiti 2024. Chilembo B nthawi zambiri chimaimira makina kapena fakitale, ndipo 14:32 ndi nthawi imene botolo linadzazidwa.

Kuwerengaku kwatithandizanso pa mzere wachiwiri. Kodi 02/08/25 ndi 2 Ogasiti kapena 8 Febuluwale? Kuno timayamba ndi tsiku, koma a ku America amayamba ndi mwezi. Popeza mafuta anapangidwa pa 2 Ogasiti, zikugwirizana kuti anapatsidwa chaka chathunthu, mpaka 2 Ogasiti 2025.

Njirayi ili ndi malire. Palibe lamulo lokakamiza makampani onse kulemba mofanana, ndipo ena amagwiritsa ntchito nambala imene amaimvetsa okha. Manambala atatu otsatira chaka aja akapitirira 366, ndiye kuti si tsiku, musawaumirize. Dalirani MFD ndi EXP. Pa mankhwala, pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga EXP 07/2026, amagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo.

Ngati simungaimasulire, ili ndi ntchito yanji?

Nambala ya gulu ndi imene imalondoloza katundu akapezeka ndi vuto. Mu Julaye 2021 kampani ya Tiger Brands ya ku South Africa inaitanitsa zitini pafupifupi 20 miliyoni za ndiwo za KOO ndi Hugo's, zopangidwa pakati pa 1 Meyi 2019 ndi 5 Meyi 2021, chifukwa msoko wa zitini zina unali wosawotcherera bwino. Chitini chabwino ndi chokayikitsa zinali ndi bakodi imodzi. Chozisiyanitsa chinali tsiku lodindidwa pachitinipo. Mukamva chilengezo chotere pa wailesi, lembani nambala ndi masiku, mukayerekeze ndi zimene zili m'nyumba.

Zizindikiro za chinyengo

Onani ngati pamalo pa tsiku papukutidwa mpaka kuwala, kapena pamatidwa kapepala kena pamwamba. Pa mankhwala, nambala ya pa kabokosi iyenera kufanana ndi ya pa botolo kapena pa kapepala ka mapilitsi m'kati. Zikasiyana, asiyeni. Asiyeninso ngati tsiku lopangira lili kutsogolo kwa lero. Mafuta oyeza m'timabotolo ndi mankhwala othira m'chimanga opungulira m'timapepala alibe nambala iliyonse, choncho pemphani kuona chigubu chimene achokera.

Mukagula choipa, chitani izi

1. Lekani kuchigwiritsa ntchito, koma musataye paketi, chifukwa ndiyo umboni wanu.
2. Jambulani pa foni kapena kopani pa pepala dzina la katundu, bakodi, nambala ya gulu ndi masiku onse.
3. Bwererani kwa wogulitsa ndi lisiti. Ngati panalibe lisiti, pitani ndi amene anaona mukugula. Pemphani kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama.
4. Akakana, dziwitsani komiti ya msika ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene angafikitse nkhaniyo kwa oyang'anira ukhondo a boma la Zomba.
5. Dandaulo la malonda achinyengo lipite ku bungwe la CFTC, la katundu wosafika pa muyezo ku MBS, ndipo la mankhwala a anthu ku PMRA.

Ngati wina wadwala atadya chakudyacho kapena kumwa mankhwalawo, yambani kuchipatala, ndipo mutenge paketi yomweyo kuti adokotala aone nambala ya gulu.