Vidiyo Yopanda Tsiku: Tifunse Dzuwa ndi Udzu

Vidiyo ikadutsa m'manja ambiri pa WhatsApp imafika kwa ife itavula zonse: tsiku limene inajambulidwa silioneka, dzina la wojambula palibe. Chimatsala ndi mawu amene wina walemba pansi pake, monga akuti, "Izi zachitika lero m'mawa ku Phwezi." Mawu otere angathe kusoweka mtendere kholo limene mwana wake wakwera basi ya ku Karonga tsiku lomwelo. M'phunziro lino tiona momwe chithunzithunzi cha munthu, udzu ndi thambo zingatithandizire kuyesa mawuwo tisanawatumize kwa ena.

Dzuwa la ku Phwezi

Phwezi ili m'boma la Rumphi, m'chigwa cha Henga, pamsewu wa M1 pakati pa Bwengu ndi Chiweta. Malowa ali pafupifupi madigiri 11 kummwera kwa ikweta, ndipo zimenezi n'zimene zimalamulira kayendedwe ka dzuwa kumeneko. Ife amene timayang'anira kulowa kwa dzuwa Lachisanu lililonse tikudziwa kale kuti nthawi yake imasuntha. Ku Phwezi limalowa cha m'ma 5:30 mu Juni, koma mu Januwale limalowa 6 koloko itapitirira.

Njira ya dzuwa nayo imasuntha. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka chakumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, choncho zithunzithunzi zimagwera kummwera. M'miyezi yotsalayo limadutsa chakummwera, ndipo zithunzithunzi zimagwera kumpoto. Masana a mu Juni, mtengo wa mita imodzi umakhala ndi chithunzithunzi cha masentimita pafupifupi 68, pamene mu Disembala chimangokhala cha masentimita 22. Tidziwenso kuti dzuwa silifika paliwombo 12 koloko yeniyeni. Ku Phwezi limafika pamwamba penipeni pakati pa 11:30 ndi 12 koloko, malinga ndi mwezi.

Zoyeza ziwiri

Tikaimitsa vidiyo, tiyang'ane chinthu choima chilili pamalo athyathyathya, monga munthu, mzati wa magetsi kapena chikwangwani. Choyamba tifanizire kutalika kwa chithunzithunzi ndi msinkhu wa chinthucho. Zikafanana, ndiye kuti dzuwa lakwera madigiri 45, theka la ulendo wochoka pansi kufika pamutu. Chithunzithunzi chikatalika kawiri, dzuwa lili munsi, mwina ndi m'mawa kapena madzulo.

Chachiwiri ndi mbali imene chithunzithunzicho chaloza. M'mawa chimaloza chakumadzulo, ndipo madzulo chimaloza chakum'mawa. Kuti tidziwe mbali, tifunika chizindikiro chosasuntha. Ku Phwezi mapiri a Nyika ali chakumadzulo, ndipo msewu wa M1 timatha kuuona pamapu a pafoni n'kudziwa kumene walunjika pamalo alionse.

Kutalika kokha sikutiuza ola, chifukwa kutalika komweko kumachitika m'mawa ndi madzulo, ndiponso pa maola osiyana m'miyezi yosiyana. Tikaphatikiza kutalika ndi mbali, m'pamene timapeza ola ndi nyengo ya chaka pamodzi.

Tiyese ndi chitsanzo

Tiyerekeze kuti ndi pakati pa Januwale, ophunzira ali paulendo, ndipo pagulu la mpingo pabwera vidiyo ya basi itagwera m'mbali mwa msewu. Mawu ake akuti zachitika lero cha m'ma 9 koloko m'mawa ku Phwezi. Tinene kuti malowo tawazindikira, ndipo mapu akutionetsa kuti pamenepo msewu walunjika kumpoto chakum'mawa, kulowera ku Chiweta.

M'vidiyomo muli bambo ataima pa tala, ndipo chithunzithunzi chawo n'chofanana ndi msinkhu wawo. Poyamba zikuoneka ngati zikugwirizana, chifukwa pakati pa Januwale dzuwa la ku Phwezi limafika madigiri 45 cha m'ma 8:50 m'mawa. Koma tiyang'ane mbali. Pa ola limenelo mu Januwale, dzuwa limakhala kum'mawa, litapendekera pang'ono kummwera. Chithunzithunzi chiyenera kuloza kumadzulo, kupendekera pang'ono kumpoto, kutanthauza kuti chikanadutsa msewu mopingasa.

M'vidiyoyi sizili choncho. Chithunzithunzi cha bambo aja chagona motsatira mzere woyera wa msewu, kuloza kumene kukuchokera magalimoto a ku Mzuzu, ndiko kummwera chakumadzulo. Ndiye kuti dzuwa lili kumpoto chakum'mawa. Dzuwa lokwera madigiri 45 limapezeka mbali imeneyo m'nyengo yozizira basi, ndipo mu Juni zimenezi zimachitika cha m'ma 9:45 m'mawa. Apa mawu akuti "lero" ayamba kutsimphina.

Mboni yachiwiri ndi nyengo

Tisaweruze ndi mboni imodzi, tifunsenso nthaka ndi thambo. Januwale ku Rumphi ndi dzinja. Udzu wa m'mbali mwa msewu umakhala wobiriwira, chimanga ndi fodya zili m'minda, ndipo mtsinje wa South Rukuru umayenda ndi madzi ofiira a matope. Ngati m'vidiyomo udzu ndi wouma, m'minda mwangotsala mapesi, kumwamba kulibe mtambo, ndipo anthu avala majuzi ndi zipewa, zonsezi zikuloza ku Juni kapena Julayi. Zagwirizana ndi zimene dzuwa latiuza. Ngoziyo iyenera kuti inachitikadi, koma osati lero, ndipo tikhoza kuuza makolo choncho n'kuwafotokozera chifukwa chake.

Chithunzithunzi chimanenanso za mitambo ya nthawiyo. Chikakhala chakuda, cha m'mphepete mooneka bwino, dzuwa linali poyera. Chikakhala chofuwa, kunali mtambo wopyapyala, ndipo chikasoweratu, kunali kutaphimba. Tala wonyowa pamodzi ndi chithunzithunzi chakuthwa zimasonyeza kuti mvula inali itangokata kumene. Mapiri akamaoneka mwachimbuuzi ndipo tchire lili lopsa, tiganize za Seputembala kapena Okutobala, pamene utsi ndi fumbi zimadzaza m'chigwa.

Pamene njirayi ingatisokeretse

Malo otsetsereka amanamiza. Chithunzithunzi chogwera kunsi kwa chitunda chimatalika, chogwera kumtunda chimafupika. Kamera nayo imafupikitsa chithunzithunzi chimene chaloza kwa wojambula kapena kutali ndi iye, choncho poyeza kutalika tisankhe mphindi imene wojambula wachiona cham'mbali. Mafoni ena amatembenuza vidiyo yojambulidwa ndi kamera yakutsogolo ngati kalilole, kumanja kukhala kumanzere. Timazindikira zimenezi zilembo za pachikwangwani zikawerengeka chobwerera, kapena magalimoto akamaoneka ngati akuyenda kumanja pamene kuno timayenda kumanzere.

Malire aakulu ndi akuti dzuwa limabwereza njira yake. Chithunzithunzi cha kumapeto kwa Meyi chimafanana ndi cha chapakati pa Julayi, ndipo cha Juni wa chaka chino n'chimodzimodzi ndi cha zaka zisanu zapitazo. Choncho dzuwa silingatiuze chaka. Njirayi ili ndi mphamvu yotsutsa kuposa yotsimikizira. Vidiyo ikagwirizana ndi Januwale, sitinganene kuti ndi ya lero, tingangonena kuti sitinapeze chotsutsa. Poyankha tinene nthawi yotakata, monga "pakati pa 9 ndi 10:30 m'mawa, nyengo yozizira," osati ola ndi mphindi zake.

Zoti tichite sabata ino

Tizike ndodo ya mita imodzi pabwalo lathyathyathya, ndipo tiijambule 8 koloko, 10 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko masana. Tilembe kutalika kwa chithunzithunzi ndi mbali imene chaloza. Kenako tisinthane zithunzizo ndi mnzathu osamuuza maola, iye ayerekeze. Pomaliza tifanizire mayankho athu ndi SunCalc, tsamba laulere limene limaonetsa pamene dzuwa linali tikasankha malo pamapu n'kuika tsiku ndi ola.