Kodi "choncho" ameneyu wachokera kuti?

Ambiri a ife tinaphunzira alumikizi ku pulayimale ngati gulu limodzi la mawu, pamodzi ndi mayina, aneni ndi afotokozi. Tinawaloweza, ndipo mpaka lero tikamalemba chimangirizo timawawaza m'ndime ngati mchere. Vuto ndi lakuti mlumikizi aliyense amanena kanthu. Tikalemba "komabe", "choncho" kapena "ndiponso", timauza wowerenga ubale umene ulipo pakati pa ziganizo ziwiri, ndipo ubale umenewo ukhoza kukhala wabodza ngakhale ziganizo zonse ziwiri zili zoona. Mphunzitsi akalemba m'mphepete mwa pepala kuti mfundo sizikutsatana, kawirikawiri cholakwika chimakhala pamenepa.

Tiyerekeze kuti tapatsidwa ntchito yolemba za ulimi wa ku Nathenje, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo talemba ndime iyi:

"Alimi ambiri a ku Nathenje amalima chimanga. Komabe, amalimanso mtedza ndi soya. Msewu wa M1 umadutsa pa Nathenje, choncho alimi amapindula ndi zokolola zawo. Ndiponso, mitengo imatsika nthawi yokolola."

Ndimeyi ikumveka yaukhondo, koma alumikizi onse atatu akhala pamalo polakwika.

Tiyambe ndi "komabe". Mawuwa amagwira ntchito pamene chiganizo choyamba chachititsa wowerenga kuyembekezera chinthu china, kenako chachiwiri n'kugwetsa chiyembekezocho. Kodi alipo amene akamva kuti mlimi amalima chimanga amayembekezera kuti salima mtedza? Aliyense amene anayendapo m'minda ya ku Nathenje kapena ku Mitundu amadziwa kuti mbewuzi zimalimidwa ndi banja limodzi lomwelo. Palibe chimene chagwetsedwa, ndipo kachidutswa ka "-nso" mu "amalimanso" kanali kokwanira kale. Njira yoyesera ndi kuyamba chiganizocho ndi "ngakhale". Tikati "Ngakhale amalima chimanga, amalimanso mtedza", khutu limakana. Koma tikati "Ngakhale amalima chimanga, mabanja ena amakhala akugula chimanga pamsika mu Januwale ndi Febuluwale", zimamveka, chifukwa tikanayembekezera kuti wolima adye zake. Apo ndiye pofunika "komabe".

Pali chinanso chimene timachiiwala: mfundo yobwera pambuyo pa "komabe" ndi imene imapambana. "Msika wa ku Lilongwe uli ndi mitengo yabwino, komabe kukafikitsako matumba n'kodula" ndi chiganizo cholangiza mlimi kuti agulitse kwawo. Tikazitembenuza, "Kukafikitsako matumba n'kodula, komabe msikawo uli ndi mitengo yabwino", tamuuza kuti akwere galimoto. Mfundo ndi zomwezo, koma mbali imene taima yasintha.

"Choncho" ndiye wovuta kwambiri, pamodzi ndi abale ake "motero" ndi "kotero". Amanena kuti chachiwiri chikutuluka mwa choyamba, kaya monga zotsatira zake, kaya monga mfundo imene sitingaikane tikavomereza yoyambayo. Polankhula timamugwiritsa ntchito mwaufulu. Munthu akamasimba nkhani amati "ndiye", "choncho", "basi", pongofuna kupuma ndi kupitiriza, ndipo palibe amamufunsa. Papepala ufulu umenewo palibe.

M'ndime yathu tati msewu ulipo, choncho alimi amapindula. Tiyese kutembenuza ndi "chifukwa": alimi amapindula chifukwa pali msewu. Zikangoikidwa motere mafunso amabwera okha. Alimi ake ati, a m'mphepete mwa msewu kapena a m'midzi yam'kati amene amanyamula matumba pa ngolo ndi panjinga? Amagulitsa kwa yani, ndipo pamtengo wanji? Nanga feteleza anamugula zingati? Pakati pa msewu ndi phindu pali masitepe angapo amene tawalumpha. Chimene msewu ungatipatse mosakayika n'chochepa: "choncho ogula ochokera mumzinda amafikako mosavuta". Kuti tifike pa phindu tiyenera kuwonjezera umboni, apo ayi tichepetse zimene tikunena.

Kulakwa kwina kwa "choncho" ndi kusandutsa kutsatana kwa nthawi kukhala chifukwa. Chitsanzo chodziwika ndi cha makuponi a feteleza. Boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomekoyi m'nyengo ya ulimi ya 2005/06, ndipo malinga ndi ziwerengero za boma, chimanga chokololedwa mu 2006 chinawirikiza kawiri poyerekeza ndi cha 2005. N'zosavuta kulemba kuti "makuponi anayamba, choncho zokolola zinawirikiza". Koma nyengo ya 2004/05 kunali ng'amba, pamene nyengo yotsatirayo mvula inagwa bwino. Zinthu ziwiri zinasintha nthawi imodzi, ndipo "choncho" wathuyo wapereka ulemu wonse kwa chimodzi. Izi sizitanthauza kuti feteleza sanathandize. Zikungotanthauza kuti ziwerengero ziwirizo pazokha sizingatiuze gawo limene linali la feteleza ndi limene linali la mvula. Wolemba wosamala angati: "Makuponi anayamba, mvula nayo inagwa bwino, ndipo zokolola zinawirikiza." "Ndipo" ameneyu salonjeza zimene sitingazikwanitse.

Za "ndiponso" tidutse mwachangu. Iye amawonjezera mfundo yolowera kumodzi ndi yapitayo, makamaka yolemerapo. M'ndime yathu tangonena kumene kuti alimi amapindula, kenako tawonjezera kuti mitengo imatsika nthawi yokolola. Mfundo imeneyi ikutsutsa yapitayo, ndipo pamafunika "koma". Apa chilankhulo chathu chili ndi kamsampha kake: "komanso" amaoneka ngati "koma", pamene nthawi zambiri ntchito yake ndi yowonjezera, monga tikati "chimanga komanso mtedza". Tikamuika kumayambiriro kwa chiganizo, wowerenga sadziwa ngati tikuwonjezera kapena tikubweza mawu. Ife tikuona kuti m'chimangirizo ndi bwino kumusiya "komanso" pakati pa mayina, ndipo kumayambiriro kwa chiganizo tisankhe poyera pakati pa "ndiponso" ndi "komabe". Mitundu itatu ya ubale imeneyi, wotsutsa, wotsatira ndi wowonjezera, ilinso chimodzimodzi m'zimangirizo zathu za Chingerezi, ndipo kuyesa kwake n'komweku.

Tsopano ndime ija tiilembenso:

"Alimi ambiri a ku Nathenje amalima chimanga, mtedza ndi soya. Msewu wa M1 umadutsa pamenepa, choncho ogula ochokera ku Lilongwe amafikako mosavuta. Komabe, alimi ambiri amagulitsa atangokolola kumene, pamene mbewu zili mbwee pamsika ndipo mitengo ili pansi. Ndiponso, ena mwa iwo amadzagulanso chimanga mu Januwale ndi Febuluwale, mtengo utakwera."

Mlumikizi woyamba uja wachoka, chifukwa panalibe chotsutsana. "Choncho" watsala, koma wanyamula katundu amene angamuthe. "Komabe" wasamukira pamene chiyembekezo chikugwa, pakuti kufika kwa ogula kukanatiganizitsa kuti mlimi zimamuyendera. "Ndiponso" tsopano akuwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo lachiwirilo ndi lolemerapo. Taonaninso kuti pokonza alumikiziwa tinakakamizika kuchotsa mawu akuti "alimi amapindula", amene tinalibe nawo umboni. Ngati mutu wa chimangirizo ukufunsa za phindu, ndiye kuti ntchito yotsala ndi kukafunsa mitengo ya thumba pa Nathenje mu Meyi ndi mu Febuluwale.