Mafunso ndi Mayankho: Kusanja Zidziwitso za pa Foni Malinga ndi Apu Iliyonse

Makalata amene afika ku pologalamu ino sabata ino akukhudza zidziwitso za pa foni, amene ndi mauthenga aafupi amene amatulukira pamwamba pa sikirini, nthawi zina foni ikulira kapena kunjenjemera, pofuna kuuza mwini wake kuti kwabwera chatsopano. Zidziwitsozi zimatumizidwa ndi maapu, kutanthauza timapologalamu toikidwa mu foni, monga WhatsApp, Facebook ndi apu yolandirira mauthenga a SMS. Mayankho atsamira pa mafoni a Android, amene anthu ambiri ali nawo m'Malawi muno, ndipo mayina a pa sikirini atchulidwa monga momwe amalembedwera, ngakhale kuti amasiyanako pang'ono malinga ndi kampani imene inapanga foniyo.

Funso loyamba

Mayi ogulitsa zitenje mumsika wa Kasungu alemba kuti ali m'magulupu ambiri a WhatsApp, a kutchalitchi, a banki m'khonde, a makolo a kusukulu ndi a pachibale, moti foni yawo imangolira tsiku lonse. Akaitseka mawu kuti apumeko, samva uthenga wa ndalama pamene kasitomala walipira kudzera pa foni, ndipo akufunsa ngati n'kotheka kuti foniyo izilira pa zofunika zokhazokha.

Yankho

N'zotheka ndithu, ndipo chofunika kumvetsa poyamba n'chakuti vuto la mayiwa lagona pa kufanana kwa kulira kwa foni. Pamene moni wa m'mawa wa pa gulupu ukulira chimodzimodzi ndi uthenga wa ndalama, khutu limazolowera n'kuyamba kunyalanyaza zonse, ndipo batani lotsitsira mawu silingathandize chifukwa silisankha. Kusankhako kumachitika pa apu iliyonse payokha, pamene chidziwitso chingapatsidwe imodzi mwa mbali zitatu. Chikhoza kulira ndi kutulukira pa sikirini. Chikhoza kufika mwakachetechete n'kudikira pamndandanda umene umaoneka munthu akakokera chala kuchokera pamwamba, zimene foni imazitcha Silent. Kapena chikhoza kuletsedwa kotheratu. Mbali yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri saidziwa, komabe ndi imene ikuyenera mauthenga ochuluka, popeza uthenga woikidwa pa Silent sutayika, umangodikira nthawi imene mwini foni wapeza mpata.

Kuyambira pa Android 8.0, imene inatuluka mu 2017, zidziwitso za apu imodzi zimagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi batani lake. Magulu amenewa amapezeka potsegula Settings, kenako Apps, kusankha dzina la apu, n'kulowa pa Notifications. Njira yachidule ndi kudina chidziwitso chimene chafika kumene n'kugwiritsa chala osachotsa, mpaka foni itaonetsa dzina la apu imene yachitumiza ndi zosankha zake. Pa mafoni ena atsopano a Samsung maguluwa amakhala obisika mpaka mwini foni atatsegula Manage notification categories for each app, imene ili pansi pa Advanced settings mu Notifications.

Kwa mayi a ku Kasungu, ntchito iyambire pa SMS, chifukwa mauthenga otsimikiza kuti ndalama zalowa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba amafika kudzera m'njira imeneyi, imenenso safuna bandulo ya intaneti. Ngati foni yawo ili ndi apu ya Google Messages, atsegule uthenga wakale wa ndalama, adine timadontho titatu ta pakona, asankhe Details kenako Notifications, n'kuika kaliridwe kamphamvu kamene sikagwiritsidwa ntchito pena paliponse mu foniyo. Mauthenga otsatsa malonda angaikidwe pa Silent m'njira yomweyo, wotumiza aliyense payekha. Malire a njirayi ndi akuti imasankha potengera dzina la wotumiza, kotero ngati zotsatsa ndi mauthenga a ndalama zikufika pa dzina limodzi, sizingalekanitsidwe, ndipo kuli bwino kupirira zotsatsazo kusiyana ndi kutseka zonse.

Pa WhatsApp, njira yabwino ndi kutontholetsa gulupu iliyonse payokha m'kati mwa apu momwemo. Mayiwa atsegule gulupu, adine dzina lake pamwamba, alowe pa Notifications kapena Mute notifications, ndipo apu idzawapatsa zosankha zitatu, zimene ndi 8 hours, 1 week ndi Always. Gulupu ya pachibale, imene imachulukira zithunzi ndi moni, ikuyenera Always, pamene ya kutchalitchi ingatontholetsedwe kwa maola 8 pa tsiku la msika. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti anthu a pa gulupu sauzidwa kuti wina watontholetsa, choncho palibe amene angakhumudwe, ndiponso ngati wina watchula mayiwa mwachindunji polemba chizindikiro cha @ ndi dzina lawo, kapena wayankha uthenga umene iwo analemba, chidziwitso chimafikabe. Motero mlembi wa banki m'khonde akafuna kukumbutsa mayiwa za tsiku lobweza ngongole, ali nayo njira yowafikira. Wowaodetsa zitenje, amene uthenga wake ungatanthauze kuti katundu wafika, apatsidwe kaliridwe kakekake pa tsamba lomwelo la Notifications, pa Notification tone.

Pali chenjezo limene liyenera kunenedwa momveka bwino. Kulira kwapadera kwa uthenga wa ndalama si umboni wakuti ndalamazo zalowadi, chifukwa akuba amatumiza mauthenga otengera kalembedwe ka kampani. Uthenga wotere ukachokera pa nambala wamba sudzalira ndi kaliridwe kapadera kaja, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chothandiza, koma chitenje chisaperekedwe mpaka mayiwa ataona okha ndalama zimene zili mu akaunti yawo, poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba.

Funso lachiwiri

Bambo ena a ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre akuti amafuna kugona osadzutsidwa ndi foni, koma mayi awo akudwala kumudzi ku Ntcheu, ndipo amaopa kuti akazimitsa foni uthenga wadzidzidzi ungawaphonye.

Yankho

Chimene bambowa akufuna chimatchedwa Do Not Disturb, dongosolo limene limatontholetsa foni yonse kupatula anthu ndi maapu amene mwini wake wawalola, ndipo kawirikawiri limapezeka mu Settings pansi pa Sound kapena Notifications. Dongosololi lingaikidwe kuti lizidziyambira lokha, mwachitsanzo kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, osaletsa alamu kulira. Choyamba bambowa aike chizindikiro cha nyenyezi pa mayina a achibale amene akudwazika mayi awo, m'ndandanda wa manambala, kenako mu Do Not Disturb asankhe kuti mafoni ololedwa akhale a Starred contacts kapena Favourites okha.

Koma nyenyezi zokha sizokwanira, chifukwa kumudzi foni ya wodwazika ikhoza kukhala yopanda moto kapena mayunitsi, ndipo uthenga wa usiku nthawi zambiri umabwera pa foni yobwereka kwa oyandikana nawo nyumba, imene nambala yake bambowa alibe. Pachifukwa chimenechi atsegulenso Repeat callers, imene imalola foni kulira ngati nambala yomweyo yaimba kachiwiri mphindi 15 zisanathe; pa iPhone nthawiyi ndi mphindi 3. Achibale akumudzi auzidwiretu kuti pakagwa vuto aimbe kawiri motsatizana, ndipo aimbe foni wamba, chifukwa kuimba kwa pa WhatsApp kumadalira intaneti mbali zonse ziwiri ndipo si mafoni onse amene amakulola kudutsa mofanana. Zonsezi ziyesedwe masana, wina wa m'nyumba aimbe dongosololi lili lotsegula, usiku wa vuto usanafike.

Funso lachitatu

Wophunzira wa pa koleji ina ku Mzuzu akudandaula kuti mauthenga a WhatsApp safika nthawi yake, koma amakhuthuka onse pamodzi iye akangotsegula apuyo, ngakhale kuti sanatontholetse chilichonse.

Yankho

Pano m'pofunika kusiyanitsa mavuto awiri amene amaoneka ofanana, ndipo timizere timene WhatsApp imaika pambali pa uthenga ndi timene tingathandize. Wophunzirayu aike foni yake pansi kwa theka la ola osaikhudza, kenako mnzake amutumizire uthenga n'kuyang'ana pa foni yake. Mnzakeyo akaona timizere tiwiri, ndiye kuti uthenga wafika mu foni koma sunalire, ndipo vuto lili mu zidziwitso, monga zafotokozedwa kale. Akaona kamzere kamodzi kokha mpaka wophunzirayu atatsegula apu, ndiye kuti foniyo ikuletsa apu kugwira ntchito pamene sikuoneka pa sikirini, ndipo kusintha kaliridwe sikungathandize kanthu.

Chimayambitsa vuto lachiwirili kawirikawiri ndi dongosolo losunga moto wa batire. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, foni ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imachepetsa ntchito za maapu, ndipo makampani ena opanga mafoni amaonjezera malamulo awoawo okhwima kuposa pamenepa. Wophunzirayu alowe mu Settings, Apps, WhatsApp, kenako Battery, n'kusankha Unrestricted; pa tsamba la data la apu yomweyo atsegule Background data, ndipo ngati amagwiritsa ntchito Data Saver posunga bandulo, alole apuyi pa Unrestricted data usage. Mafoni ena alinso ndi mndandanda wotchedwa Auto-start, pamene apu iyenera kuloledwa. Ufulu umenewu uperekedwe kwa maapu awiri kapena atatu okha, chifukwa apu iliyonse yotere imadya moto, ndipo maapu amene amalonjeza kuyeretsa foni ndi kuifulumizitsa ndi bwino kuwachotsa, popeza ntchito yawo yaikulu ndi kutseka maapu omwewo amene akudikira mauthenga.

Funso lachinayi

Womvera wa ku Mangochi akufunsa kumene kumachokera zidziwitso za juga ndi zina zonena kuti foni yake ili ndi vairasi, pamene iye sanaikemo apu yotere.

Yankho

Zidziwitso zoterezi nthawi zambiri zimachokera ku masamba a pa intaneti amene tsiku lina anapempha chilolezo kudzera mu Chrome, mwini foni n'kudina Allow mofulumira. Si umboni wa vairasi, ndipo zisadinidwe. Womverayu atsegule Chrome, alowe mu Settings, Site settings, kenako Notifications, pamene adzapeza mndandanda wa masamba ololedwa, n'kuletsa onse amene sakuwadziwa. Ngati chidziwitso chafufutidwa asanaone kumene chachokera, mafoni a Android 11 ya mu 2020 ndi atsopano kuposa pamenepo ali ndi Notification history, imene imasunga zidziwitso za maola 24 apitawo, koma imayamba kusunga pokhapokha mwini foni ataitsegula. Kuyambira pa Android 13 ya mu 2022, apu yatsopano iyenera kupempha isanayambe kutumiza zidziwitso, ndipo omvera akulangizidwa kuti funso limeneli likaoneka asankhe Don't allow pa apu iliyonse imene sibweretsa ndalama, munthu wodziwika kapena nthawi ya ntchito, popeza chilolezocho chingaperekedwe tsiku lina lililonse mu Settings.